Chenjezo kwa anamwino ofuna viza ya ntchito ya ku Britain: pepala lililonse lili ndi tsiku lake lothera

Ana anga, ndatopa nako kumva madandaulo a anthu ophunzira bwino amene akanizidwa viza chifukwa cha mphwayi. Munthu wakhoza mayeso a unamwino, wapeza chipatala chomufuna ku Britain, abale agulitsa ng'ombe kuti amuthandize, koma mapepala ake akungowaunjika mu envulopu osayang'ana madeti. Chimene chikukugwetsani ambiri n'chakuti mumaona ngati pepala likangopezeka ndiye kuti lakwana, pamene lililonse limagwira ntchito kwa nthawi yake, ndipo onse ayenera kukhala asanathe mphamvu pa tsiku limodzi, tsiku limene mwatumiza pempho lanu.

Ndiyambe ndi lamulo limene ena akunamizira kuti sanalimve. Kuchokera pa 22 Julayi 2025, boma la Britain linasiya kulandira mapempho atsopano a viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala kuchokera kwa anthu amene ali kunja kwa dzikolo. Ejenti aliyense amene akukulonjezani ntchito imeneyo lero akufuna ndalama zanu basi. Anamwino njira ikadalipo, ndipo ndi iwo amene ndikulankhula nawo.

Maziko a pempho lonse ndi chitsimikizo cha olemba ntchito, chimene pa fomu chimalembedwa kuti Certificate of Sponsorship, mwachidule CoS. Ichi si kalata yosindikizidwa yokhala ndi chidindo chokongola ayi, koma ndi nambala imene olemba ntchito amatulutsa mu kompyuta ya boma, ndipo amene angaitulutse ndi okhawo amene ali ndi laisensi ya boma yolembera ntchito anthu ochokera kunja. Mayina a olemba ntchito onse ovomerezeka ali poyera pa gov.uk, moti n'zamanyazi kuti munthu wophunzira atumize mamiliyoni a makwacha kwa dobadoba wa pa WhatsApp asanafufuze n'komwe ngati dzina la kampaniyo lili pa mndandandawo. Safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti mtengo wa CoS amalipira ndi olemba ntchito, ndipo lamulo siliwalola kukulipiritsani. Nambalayo ikatuluka muli ndi miyezi itatu yokha yoti mupemphere viza.

Tiyerekeze namwino wa ku Lilongwe amene CoS yake yatuluka pa 3 Malichi, kutanthauza kuti ayenera kutumiza pempho kumayambiriro kwa Juni kusanafike. Chifukwa cha phuma, iye anakayezetsa chifuwa chachikulu cha TB pa 10 Okutobala chaka chatha, ntchito asanaipeze. Satifiketi ya TB imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi, choncho yake ikutha cha pa 10 Epulo. Akatumiza pempho pa 20 Epulo, CoS idzakhala ili bwino koma satifiketiyo idzakhala itatha, ndipo afunika kukajambulitsanso chifuwa ndi kulipiranso. Choopsa n'chakuti chithunzicho chikakayikitsa madokotala, amamupempha makhololo, ndipo zotsatira zake zingatenge masabata asanu ndi atatu, nthawi imene CoS ikupitirira kutha. Kuyezetsaku kumachitikira ku zipatala zokhazo zimene boma la Britain linavomereza. Kalata ya dokotala wina, kaya ndi katswiri wotani, saiwerengera.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene ndimaona chibwana chenicheni. Wopempha ayenera kuonetsa kuti ali ndi ndalama zokwana mapaundi 1,270 zimene zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, ndipo tsiku lomaliza la masiku 28 amenewo lisatalikirane ndi tsiku lotumiza pempho kuposa masiku 31. Namwino wathu uja wakongola ndalama kwa amalume ake, waziika pa 20 Malichi, koma pa 5 Epulo watapako pang'ono kuti alipire lendi, n'kubwezera mawa lake. Tsiku limodzi lokhalo limene ndalamazo zinatsika lafafaniza masiku onse, ndipo kuwerenga kuyambiranso pa 6 Epulo. Musaikenso ndalama zongokwanira ndendende, pakuti makwacha anu amawasinthira ku mapaundi pa mtengo wa tsiku limene mwatumiza pempho. Amene mukukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukudziwa kuti ndalama yokwanira lero ikhoza kuperewera mawa. Pali njira yopewera vuto lonseli imene ambiri safunsa: olemba ntchito akhoza kulemba pa CoS pomwepo kuti adzakusamalirani mwezi woyamba, ndipo zikatero sitetimenti ya ku banki siifunikanso. Afunseni CoS isanatuluke.

Kalata ya polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu nayonso imagwetsa anthu, makamaka amene anakhalako ku Joni. Anamwino amafunika kupereka kalata yotere kuchokera ku dziko lililonse limene anakhalamo miyezi 12 kapena kuposerapo m'zaka khumi zapitazi. Ya ku Malawi mumaipeza mutadinditsa zala ku polisi, koma ngati munagwirako ntchito zaka ziwiri ku South Africa, ya kumeneko ikufunikanso, ndipo siituluka msanga. Ena amasankha kungobisa kuti anakhalako kunja. Ameneyo akusewera ndi moto, chifukwa kunama kapena kupereka pepala lachinyengo kungachititse kuti munthu aletsedwe kulowa m'dzikolo kwa zaka khumi, ndipo kunena kuti analemba fomu ndi ejenti sikungakupulumutseni, popeza dzina limene lili pa fomupo ndi lanu. Mayeso a Chingelezi a IELTS kapena OET nawo amatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, choncho onani deti lake.

Tsopano yalani mapepala onse patebulo ndipo muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno n'zofala kuti satifiketi ya sukulu ili ndi dzina la bambo, pasipoti ili ndi la mwamuna, ndipo tsiku lobadwa pa chitupa cha unzika lasiyana ndi la pa pasipoti chifukwa wina anangolemba 1 Januwale. Ife timaona ngati n'zazing'ono poti tikudziwana, koma wogwira ntchito ya maviza amangoona anthu awiri osiyana. Ngati munasintha dzina pokwatiwa, phatikizanipo satifiketi ya ukwati, ndipo ngati CoS yalakwika dzina kapena nambala ya pasipoti, uzani olemba ntchito aikonze musanatumize pempho.

Viza ikatuluka, musagule tikiti mwachisangalalo chabe. Masiku ano viza ya ntchito ya ku Britain imasungidwa pa intaneti, mu akaunti ya UKVI, nthambi ya boma la Britain yoona za maviza, choncho lowani mu akauntiyo musananyamuke, muone ngati pasipoti imene mukuyendera ndi yomwe yalembedwamo ndiponso tsiku limene vizayo ikuyambira, chifukwa simuyenera kufika tsikulo lisanakwane. Imelo ndi nambala ya foni ya akauntiyo zikhale zanu, osati za ejenti. Pasipoti, kalata ya mgwirizano wa ntchito, nambala ya CoS, satifiketi ya TB, masatifiketi a unamwino ndi adiresi ya kumene mukafikire zikhale m'kachikwama ka m'manja. Ndamvapo za anthu amene anaika zonsezi m'sutikesi pamodzi ndi ufa ndi usipa pa bwalo la ndege la Kamuzu, sutikesiyo n'kutsalira ku Addis Ababa. Jambulani pepala lililonse pa foni ndipo makope ena musiyire m'bale wodalirika kumudzi.

Mukafika, olemba ntchito ali ndi ufulu woona pasipoti yanu ndi kuijambula, koma alibe ufulu woisunga. Sunganinso mapepala a malipiro a mwezi uliwonse, chifukwa kampani ikalandidwa laisensi, kawirikawiri mumapatsidwa masiku 60 okha oti mupeze olemba ntchito ena ndi CoS yatsopano.