"Aphunzitsi, tumizaninso chithunzi chija"

Dzulo pa tiyi mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi kuno kuchigwa anandionetsa foni yake atakwiya. Mwana wa Fomu 4 anali atamulembera mawu awiri okha, "tumizaninso chija," popanda moni, popanda dzina, nambala yake yosadziwika. Iye akuti ana amasiku ano alibe ulemu, ndipo sayankha. Ine ndinangoti chabwino, koma usiku wonse nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu, ndiye lekani ndinene maganizo anga.

Za moni ndikuvomereza, mwanayo analakwitsa. Koma chimene chimandivuta ine pa uthenga wotere si ulemu ayi. Chimandivuta n'chakuti sunena chomwe chavuta pa chithunzicho. Mphunzitsi wabwino mtima akaulandira amangopita pa chithunzi chakale chija n'kudina Forward, akumaganiza kuti wathandiza. Chonsecho ngati chithunzicho chinajambulidwa moipa, mwana walandiranso choipa chomwecho kachiwiri, ndipo bandulo ya eni ake yapita pachabe.

Ndikufotokozereni zimene zinandichitikira ine temu yathayi. Ndimaphunzitsa masamu. Lachisanu lina ndinalemba mafunso khumi papepala limodzi kuti ana akakonzekere mayeso a MSCE kunyumba. Sukulu yathu ilibe makina ochulukitsira mapepala, ndiye njira yathu ndi yomweyi: kujambula n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi. Pepalalo ndinali nditalipinda pawiri m'litali n'kuliika m'thumba la malaya kuyambira m'mawa. Amene mumadziwa dzuwa la kuno m'mwezi wa Okutobala mukudziwa mmene pepala limatulukira m'thumba la munthu. Ndinalitambasula padesiki panja, ndinajambula nditaimirira cham'mbali, ndinatumiza, n'kukwera njinga kubwerera kunyumba.

Funso lachinayi linali ili:

```
x² − 5x + 6 = 0
```

Mzere wopindika uja unadutsa ndendende pakati pa kachizindikiro kochotsera kali kutsogolo kwa 5x. Papepala lenilenilo munthu sakanasokonezeka. Koma pa chithunzi mzerewo unaoneka wakuda chifukwa cha mthunzi, ndipo kamzere kogona kaja katadulidwa ndi mzere woimirira kanasanduka chizindikiro chophatikiza. Ana ambiri anawerenga chonchi:

```
x² + 5x + 6 = 0
```

Amene munachitako masamu awa mwaona kale pamene zinathera. Funso lenileni limafuna manambala awiri amene ukawachulukitsa akupatse 6, ukawaphatikiza akupatse −5. Amenewa ndi −2 ndi −3, choncho x ndi 2 kapena 3. Funso limene ana anaona limafuna 2 ndi 3, ndipo yankho lake limatuluka −2 kapena −3. Njira yonse anaitsata bwinobwino, palibe sitepe imene anaphonya. Lolemba ndikuchonga makope ndinayamba kuthetha limodzi, lachiwiri, lachitatu, mpaka ndinaima n'kudzifunsa kuti ana onsewa angalakwe mofanana chonchi bwanji. Nditatsegula chithunzi changa chomwe m'foni n'kuchikuza ndi zala, manyazi anandigwira ndekha.

Mwa ana onse, mtsikana mmodzi yekha ndi amene anapeza yankho lolondola lakuti x ndi 2 kapena 3, ndipo n'chifukwa chakuti Loweruka madzulo anandilembera. Uthenga wake ndinausunga:

"Mwaswera bwanji aphunzitsi. Ndine mwana wanu wa Fomu 4, ndikulemba pa foni ya achimwene. Pepala la masamu munatumiza Lachisanu lija, nambala 4 sikuoneka ngati ndi kuchotsera kapena kuphatikiza chifukwa pali mzere. Chonde mundijambulirenso pamenepo pokha. Foniyi ndili nayo mpaka mawa m'mawa."

Dzina lake analiika, ine ndalichotsa. Taonani zimene mwanayu anachita m'mizere yochepayi. Anandiuza kuti ndi pepala liti, chifukwa pa gulupu imodzimodziyo pamagwa mapepala a aphunzitsi angapo ndipo mawu akuti "chija" sathandiza munthu. Anandiuza malo enieni pamene pavuta. Anapempha kujambulanso, osati kutumizanso, ndipo kusiyana kwa mawu awiriwa ndiye nkhani yanga yonse. Ine ndinafunafuna pepala lija, ndinayandikiza foni pa nambala 4 yokha, ndinajambula n'kumutumizira. Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kwakuti ndinatumizira iye yekha, osaganiza kuti ngati mmodzi sakuona ndiye kuti enanso sakuona. Enawo anangolota n'kulemba.

Ndiime pang'ono pa mawu omaliza aja, akuti foni ali nayo mpaka mawa m'mawa. Anthu a m'tauni mwina angaone ngati mwana akulamula mphunzitsi. Ayi. Mchimwene wakeyo amapalasa kabaza ku Nchalo, amachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo foni imapita naye chifukwa makasitomala amamuimbira pamenepo. Ana athu ambiri ali chonchi. Foni ndi ya bambo, ya mlamu, ya oyandikana nawo nyumba, ndipo imagona kogulitsira zinthu komwe amatchajitsa pa sola. Mphunzitsi akati ndiyankha mawa masana, kwa mwana ameneyu ndiye kuti wayankha mawa usiku, ntchito ikufunika Lolemba. Mwana amene wanena nthawi imene ali ndi foni wandithandiza kudziwa uthenga woyamba kuuyankha.

Tsono ana inu, musanalembe uthenga, yambani mwachiyang'ana chithunzicho kuti chikudwala chiyani, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Nthawi zambiri chithunzi chimene mumati "sichikuoneka" chimakhala kuti sichinatsike n'komwe. Chimaoneka chambuu ngati nkhungu ya m'mawa pa Shire, pakati pake pali kamuvi koloza pansi ndi manambala osonyeza kulemera kwake. Pamenepo mphunzitsi sanalakwe chilichonse, ndipo ngakhale atatumiza kakhumi zikhala chimodzimodzi. Dinani kamuviko muli pamalo pamene netiweki imagwira. Chikakana n'kulemba Download failed, onani ngati bandulo ilipo, kenako onani ngati foni sinadzaze. Mafoni ang'onoang'ono obwerekanawa amadzaza msanga ndi mavidiyo a magulupu a tchalitchi, a mpira ndi a maliro, ndipo foni yodzaza silandira ngakhale kachithunzi kamodzi. Pemphani mwini foni afufuteko zina. Pokhapokha zonsezi zikakanika, kapena WhatsApp yokha ikakuuzani kuti chithunzicho kulibenso mupemphe wotumiza atumizenso, m'pamene mawu akuti "tumizaninso" ali oyenera. Zoterezi zimachitika mwana akachedwa masabata ambiri asanatsitse chithunzi, monga zimakhalira madzi akasefukira anthu n'kuthawira kumtunda. Amene tinaona Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti foni inali chinthu chomaliza kuchiganizira. Apa Forward ya mphunzitsi imagwiradi ntchito.

Koma chithunzi chikatsika bwinobwino, inu n'kuchikuza ndi zala koma zilembo n'kumangosungunuka, kapena mzere womaliza wadulidwa, kapena mthunzi wa dzanja waphimba mbali imodzi, musalembe kuti tumizaninso. Lembani kuti ajambulenso, ndipo tchulani nambala ya funso.

Kwa aphunzitsi anzanga, apa ndiye pali mbali yathu, ndipo ndi yaikulu kuposa mmene timavomerezera. WhatsApp ikamatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachichepetsa kuti chipepuke. Nkhope ya munthu sisintha kwenikweni, koma kanambala kakang'ono kokhala pamwamba pa x kamafa msanga, 2 n'kumaoneka ngati 3. Ena amalangiza kuti tizitumiza ngati Document, kapena kudina HD, kuti chithunzi chipite ndi mphamvu zake. N'zoona kuti chimaoneka bwino. Ine ndinayesa kamodzi ngati Document: chithunzi chinalemera pafupifupi 3 MB, pamene cha nthawi zonse cha pepala lomwelo sichinafike ndi 300 KB yomwe. Ana okhala pafupi ndi msewu waukulu anatsitsa. Akumidzi yam'kati, kumene munthu amachita kukwera pachulu kuti uthenga ulowe, kabwalo kankangozungulira mpaka batire kutha. Ndiye kwa ife kuno langizo limenelo ndimalikana.

Chimene ndimachita tsopano n'chosavuta. Pepala limodzi ndimalijambula kawiri, theka lapamwamba palokha, theka lapansi palokha, ndipo funso la pakati ndimalilowetsa m'zithunzi zonse ziwiri kuti pasatayike mzere. Foni ikayandikira chonchi zilembo zimakula, ndiye ngakhale WhatsApp ichepetse, zimawerengekabe, ndipo zithunzi ziwirizo pamodzi n'zopepuka kuposa Document imodzi. Ndimajambulira pakhonde, pamthunzi wowala, osati padzuwa, chifukwa pepala loyera padzuwa la kuno limanyezimira mpaka inki ya buluu kuzimirira. Foni ndimaigwira mogona pamwamba penipeni pa pepala. Ndisanajambule ndimapukuta kagalasi ka kamera ndi nsonga ya malaya. Musaseke, fumbi la choko ndi thukuta la m'thumba zikakumana pa kagalasi kameneka chithunzi chimatuluka ngati mwajambulira m'utsi. Ndikatumiza ndimatsegula chimene chapita pa gulupucho, osati cha mu kamera, n'kuwerenga ndekha funso lililonse ngati ndine mwana. Pansi pake ndimalemba phunziro, tsiku ndi chiwerengero cha mafunso, kuti amene akuona asanu ndi atatu pamene ndalemba khumi adziwe kuti china chasowa.

Wina anena kuti zonsezi n'zambiri kwa mphunzitsi amene akugwiritsa ntchito foni yake ndi bandulo ya m'thumba mwake, popanda womubwezera. Sindikutsutsa, inenso zimandiwawa pakati pa mwezi. Koma Lolemba lija ndinataya piriyodi yathunthu kufufuta zimene ndinathetha molakwa ndi kupepesa kalasi yonse, pa chinthu chimene chikanandidyera mphindi ziwiri Lachisanu.

Za mnzanga uja, m'mawa uno ndinamupempha kuti andionetse chithunzi chimene mwana ankafunacho. Linali pepala la jogalafe, mapu ojambula pamanja okhala ndi mafunso asanu ndi limodzi pansi pake. Funso lomaliza linathera pa mawu akuti "fotokozani zifukwa", kenako m'mphepete mwa desiki ndi chala chake chachikulu. Anayang'ana kanthawi, n'kuseka, n'kunena kuti komabe mwanayo akanayamba ndi moni. Ndinamuuza kuti zimenezo akamuuze m'kalasi Lachinayi. Pepalalo analipeza m'kati mwa kaundula wa mayina, ndipo ndinamugwirira m'makona kuti mphepo isaliulutse pamene ankajambulanso.