Ana achepa pa mayi mmodzi, koma amayi achuluka

"Mwati amayi a ku Malawi sakuberekanso ngati kale. Nanga bwanji anthu tikungochulukirachulukira?"

Achimwene, yankho lili m'munsi mwa piramidi ya chiwerengero cha anthu, chithunzi chosanja anthu m'mizere malinga ndi zaka zawo, ana pansi, okalamba pamwamba. Mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 6.7, pofika 2016 zinatsika kufika pa 4.4. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.6 miliyoni, ndipo pafupifupi 44 mwa 100 alionse anali asanakwanitse zaka 15. Ana amenewa ndiwo makolo a mawa, ndipo anabadwa kale.

Tawerengani motere. Amayi 100 abereke ana 6 aliyense, ndiye ana 600, mwa iwo atsikana 300. Atsikanawa akakula n'kubereka ana 4 okha aliyense, pakubadwa ana 1,200. Banja lachepa, koma ku sikelo mzere watalika kawiri. (Imfa ndaisiya dala kuti masamu asavute.)

Kusintha kwa chiwerengero kumayenda choncho: katemera ndi madzi abwino zimayamba kuchepetsa imfa za ana, kubereka kumadzatsika mochedwa, ndipo pakati pamenepa mpamene anthu amachuluka kwambiri. Ife tikadali pakatipo.

Ine ndikaona piramidi ndimafanizira mzere wa zaka 0 mpaka 4 ndi wa 5 mpaka 9. Wam'munsi ukafupikirapo, ndiye kuti zayamba kutembenuka, ndipo mu 2018 zinaoneka choncho. Kungoti musathamangire kuomba m'manja, chifukwa makanda amaiwalika kawirikawiri powerenga anthu. Tidzatsimikiza pa kalembera wotsatira, tikadzaona ana omwewo ali ndi zaka zoposa 10.