Inu owerengera chiopsezo, lekani kusaina VaR musanafunse kumene yachokera

Ana anga a m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi, khalidwe ili landikwana. Mumatsegula kompyuta m'mawa, mumakopera nambala ya VaR, chidule cha Value at Risk, yoyeza ndalama zimene mungaluze, n'kukaipereka kwa mabwana ngati yatsika kumwamba. Munthu akakufunsani kuti mwaipeza ndi njira iti, mumangoti ndi mmene makina atulutsira. Ndalama mukuseweretsazo ndi za penshoni za anthu.

VaR ya tsiku limodzi pa 99% imangonena malire a kuluza amene tikuyembekeza kuwapyola tsiku limodzi pa masiku 100. Tikawapyola tigwa mpaka pati, siinena.

Tiyerekeze kuti muli ndi masheya a K1 biliyoni. Njira ya valiyansi-kovaliyansi, imene J.P. Morgan inafalitsa mu 1994 kudzera mu RiskMetrics, imatenga sigima, muyeso wa mmene mitengo imagwedezekera patsiku, n'kuchulukitsa ndi 2.33. Sigima ikakhala 1.5%, yankho ndi pafupifupi K35 miliyoni. Ndi yachangu, sindikana. Koma 2.33 ameneyo amagwira ntchito pokhapokha ngati kusintha kwa mitengo kumatsata mzere wooneka ngati belu, pamene kugwa kwakukulu n'kosowa kwambiri. Misika yeniyeni imagwa moipa kawirikawiri kuposa pamenepo. Njirayi imakhulupiriranso kuti katundu amene sankayendera limodzi dzulo sadzayendera limodzi mawa, chonsecho pa nthawi ya mavuto aliyense amagulitsa ndipo zonse zimatsikira pamodzi.

Njira yoyesera pa mbiri ilibe za belu. Mumatenga kusintha kwa mitengo kwa masiku 500 apitawo, mumakuika pa katundu amene muli naye lero, kenako mumandandalika zotsatira kuyambira choipitsitsa. Tsiku lachisanu pa mndandandawo ndiye VaR yanu. Ngati masiku oipawo mukanaluza K90, K62, K55, K48 ndi K44 miliyoni, yankho ndi K44 miliyoni. Kusiyana kwa 44 ndi 35 kukukuuzani kuti belu uja akuchepetsa ngozi. Koma ena a inu mumangosankha yaing'onoyo kuti lipoti lioneke bwino, ndipo zimenezi n'zochititsa manyazi.

Musaganize kuti ya mbiriyo ndi yoyera. Imangodziwa zimene zili m'masiku amene mwaipatsa, ndipo yankho lonse latsamira pa masiku asanu okha. Tsiku loipa likakalamba n'kutuluka m'kaundula, VaR imatsika usiku umodzi katundu wanu asanasinthe n'komwe.

Nkhani ya kwacha ndiyo imandiwawa. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inagwetsa kwacha ndi 44%, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ganizirani kampani imene inali ndi ngongole ya madola 1 miliyoni. Inadzuka ngongoleyo itakwera ndi K520 miliyoni. Kodi njira ziwirizi zikananena chiyani dzulo lake? Kugwa kwa 25% kwa mu Meyi 2022 kunali kutatuluka kale m'kaundula wa masiku 250. M'kaundula wa masiku 500 kunalimo, koma ngati tsiku limodzi lokha, loyamba pa mndandanda, pamene njira ya mbiri imawerenga lachisanu. Choncho ikanakupatsani nambala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi kugwa kumeneko. Valiyansi-kovaliyansi ikanamwaza kugwa kumodziko m'masiku onse 500, sigima n'kukhala pafupifupi 1.1%, ndipo VaR ikanakhala cha m'ma K31 miliyoni. Zonse ziwiri zaphonya kutali. Mtengo umene ukugwiridwa ndi boma umakhala phee ngati dziwe la ng'ona, ndipo bata limenelo ndi limene njira zonsezi zimayeza. Chonsecho zizindikiro zinali poyera: mizere ya mafuta, kusowa kwa madola m'mabanki, ndi mtengo wa mumsewu umene unali utathawa kale. A ku Switzerland anazionanso pa 15 Januwale 2015, banki yawo yaikulu itasiya mwadzidzidzi kugwira mtengo wa yuro pa mafulanki awo 1.20.

Masheya amene amatha masabata osagulidwa ali ndi vuto lomwelo. Mtengo wosasuntha umatsitsa sigima, koma yesani kugulitsa ambiri tsiku limodzi muone.

Ndiye chitani izi. Werengerani njira zonse ziwiri tsiku lililonse ndipo muziike pambali pa inzake. Bwererani masiku 250 muwerenge kuti kuluza kwenikweni kunapyola VaR kangati. Malamulo a Basel oyang'anira mabanki amati mpaka kanayi zili bwino, kasanu mpaka kasanu ndi kanayi n'zokayikitsa, kakhumi njira yanu yalephera. Koma ngati kwa zaka sikunapyole ngakhale kamodzi pa ndalama yogwiridwa, musaombe m'manja. Tengani cholembera, ikani dola yokwera ndi 25% ndi 44% pa ngongole zanu za lero, ndipo nambala imeneyo ilembedwe pa tsamba loyamba la lipoti, pamwamba pa VaR, mabwana asanasaine.