Msewu wachidule ndinausiya tsiku lomwe ndinayamba kunyamula mwana pa njinga

Abale anga, ndili ndi maganizo pa nkhani ya ife opita kuntchito pa njinga ya kapalasa muno mu Lilongwe. Ndimakhala ku Area 49, ntchito ndimagwira kumbali ya Old Town, ndipo masiku a sukulu ndimanyamula mwana wanga wamkazi wa Sitandade 3, kukamutsitsa pa geti la sukulu, ine n'kupitirira. Zomwe ndaona m'zaka zimenezi ndi zakuti ambiri a ife timasankha njira ngati tili pa galimoto. Timangofunsa kuti yachidule ndi iti. Pa njinga funso loyamba liyenera kukhala lakuti, kodi chindidutse pambali panga n'chiyani, ndipo chikhala chikuthamanga bwanji?

Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi yokha. Ya makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22. Dalaivala akangoyang'ana pa foni kwa masekondi awiri, wayenda mtunda wotalika kuposa minibasi zingapo zondandalikidwa, maso ali kwina. Iwe pa njinga ukuyenda mamita anayi okha pa sekondi, ndipo sungathawe. N'chifukwa chake msewu wa M1, pomwe pamadutsa mathiraki opita ndi kuchokera ku Kanengo, ndimangoudula pamene palibe njira ina, sindiyenda nawo motsatira. Ngakhale msewu wa Kaunda, womwe umadutsa pa Gateway Mall, ndimaugwiritsa ntchito pang'ono chabe. Ndikangopeza mpata ndimalowa m'timisewu ta m'kati mwa Area 47, momwe magalimoto amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mphambano ndi makona. Njira imeneyi imandiwonjezera mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono. Ndimangodzuka msanga, ndipo m'mawa wa 6 koloko msewu umakhala usanadzadze.

Vuto la timisewu tabata ndi lakuti tonse timakathera pa mtsinje. Pakati pa kwathu ndi m'tauni pali Lingadzi, ndipo ufune usafune uyenera kubwerera ku msewu waukulu kuti uwoloke pa mlatho. Malo ngati amenewa ndiwo oopsa kwambiri pa ulendo wonse, chifukwa umafikapo ukutsetsereka, magalimoto nawonso akuthamanga, pomwe pothawira kumanzere palibe. Ndikakhala ndekha ndimayang'ana m'mbuyo, kudikira mpata, n'kuwoloka. Ndikakhala ndi mwana ndipo magalimoto achuluka, timatsika tonse, iye amayenda kumanzere kwanga, ine n'kumakankha njinga mpaka tsidya. Anthu ena amaona ngati ndatopa. Zilibe kanthu, mphindi ziwiri zimenezo sindiziwerengera.

Komanso ndisanamize munthu kuti msewu wabata ulibe zake. Kuli magalimoto otuluka chambuyo pa mageti a mipanda yaitali, dalaivala asakuona chilichonse. N'chifukwa chake sindiyenda mokhudza mpanda, ndimasiya danga la mita imodzi kapena kuposerapo. Kuli agalu. Timisewu tadothi timakhala ndi mchenga m'chilimwe, ndipo m'dzinja matope amadzadza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda. Ndiye kukada, bata lomwelo limasanduka mdani. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu 5, ndipo ndikachedwa kuweruka ndimasankha msewu wa anthu ambiri, nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, kavesiti konyezimira pathupi. Njira ya m'mawa ndi ya usiku kwa ine n'zosiyana.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe ndimakangana nacho ndi anzanga, ena mwa iwo akabaza omwe ndimawalemekeza chifukwa amaudziwa msewu kuposa ine. Amati ndi bwino kuyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto, kuti uziona chomwe chikubwera. Ine ndimakana. Ukamayenda kumanzere pa liwiro la makilomita 15 pa ola, galimoto ya 50 imakuyandikira ndi liwiro la 35. Ukayang'anizana nayo, liwiro lanu limaphatikizana kukhala 65, ndipo nthawi yoti dalaivala akupewe imachepa pafupifupi ndi theka. Kuwonjezera apo, dalaivala wotuluka m'kamsewu kuti akhotere kumanzere amayang'ana kumanja kwake, komwe kumachokera magalimoto. Iwe ukuchokera kumanzere kwake, komwe sakuyembekezera kanthu. Oyenda pansi ndiwo ayenera kuyang'anizana ndi magalimoto. Njinga iziyenda kumanzere.

Za minibasi ndinganene mwachidule. Musamayang'ane minibasiyo, muziyang'ana anthu oima m'mbali mwa msewu. Wina akangokweza dzanja, dziwani kuti minibasi yomwe ili kumbuyo kwanu ikhotera kumanzere pompano, pamaso panu. Thiraki nayo musaime kumanzere kwake pa mphambano. Ikamakhota, matayala akumbuyo amadutsa m'kati kuposa akutsogolo, ndendende pomwe mwaimapo. Ngati nkhope ya dalaivala simukuiona pa galasi lake lam'mbali, iyenso sakukuonani.

Tsopano za kunyamula munthu, zomwe zandichititsa kulemba zonsezi.

Chaka chomwe mwana wanga ankayamba Sitandade 1, ndinkangomukhazika pa kaliyala, kansalu pansi, miyendo ili lendelende. Tsiku lina tinagunda kadzenje kakang'ono, osati pa liwiro lalikulu ayi. Iye anadzidzimuka, n'kupanitsa miyendo kuti asagwe, monga achitira mwana aliyense. Chidendene chakumanzere chinalowa m'masipoko. Ndinangomva njinga yalemera mwadzidzidzi, kenako kulira. Nsapato inavuka, khungu la kumbuyo kwa phazi linasupuka, ndipo kuchipatala anatiuza kuti mabala otere amaoneka aang'ono tsiku loyamba koma amachedwa kupola chifukwa mnofu umakhala wafinyika m'kati. Zinalidi choncho. Anatha masabata angapo osavala nsapato. Galimoto panalibe, msewu unali wabata monga ndimaufunira. Cholakwa chinali pa njinga yanga.

Sabata yomweyo ndinapita kwa mmisiri wowotcherera. Anandiikira zopondera ziwiri zachitsulo, monga zija zili pa njinga za akabaza, koma tinaziika m'mwamba pang'ono kuti phazi la mwana lifikepo bondo litapindika. Zopondera zokha sizikwanira, chifukwa phazi limatha kuterereka. Tinadula pulasitiki yolimba ya chigubu, n'kumangirira mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo, kuchokera pa kaliyala kutsika mpaka kumunsi kwa zopondera, kuti chidendene chikabwerera m'mbuyo chigunde pulasitiki, osati sipoko. Tinaikanso kachitsulo kogwirira kuseri kwa chishalo. Mwana wogwira malaya a bambo ake sanagwire kanthu, malaya amangomutsatira akamagwa. Mwana wochepa kwambiri, woti akhoza kugona m'njira, sayenera kukhala pa kaliyala wamba popanda mpando wotsamira ndi lamba. Ndimaona ana otere m'mawa uliwonse mutu ukugwedera, ndipo mtima wanga umapweteka.

Kaliyala naye muzimufunsa. Pa njinga zopepuka za kaunjika, tikaliyala tambiri tinapangidwira chikwama, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza palembedwa 25 kg. Kameneko sikonyamulira munthu wamkulu. Kaliyala wa njinga ya Buffalo anapangidwa kuti anyamule makilogalamu 100, ndipo akabaza ambiri amawotcheretsa wawo wa zitsulo zokhuthala. Koma kaliyala akalimba, katundu yense amapita ku tayala lakumbuyo. Loweruka lililonse ndimafinya masipoko awiriawiri ndi dzanja kuzungulira tayala lonse. Yomasuka imadziwika msanga. Imodzi ikaduka, limu imayamba kupotoka n'kumakhudza buleki, ndipo mukapitiriza kunyamula munthu, zinzake zoyandikana nayo zimaduka motsatizana. Mpweya nawonso uzikhala wokwanira. Chubu chikaboola mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka, si minga imeneyo. Tayala linali lofewa, ndiye pa dzenje limu inatsina chubu.

Njinga yonyamula munthu imasintha khalidwe. Kulemera kukapita kumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka, handulo imagwedera pa mchenga, ndipo pa chitunda chachikulu kutsogolo kumafuna kudzuka. Kuima kumatenga mtunda wautali. Mabuleki a ndodo pa limu yachitsulo akanyowa amayamba aterera kaye asanagwire, choncho mvula ikagwa ndimawagwira pang'onopang'ono ndisanafike potsetsereka kuti apukute madzi pa limu. Munthu amene sananyamulepo wina ayesere kaye pa bwalo la mpira ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, aone mmene njinga ikuimira ndi kukhotera, asanaike mwana wa munthu.

Pokwera timachita chimodzimodzi tsiku lililonse. Ndimayamba ndine kukhala, mapazi onse pansi, mabuleki onse nditagwira. Ndikatero ndimati, “Kwera, mwanawe,” iye n'kukwerera kumanzere, kutali ndi magalimoto. Ndimafunsa, “Mapazi ali pati?” Akayankha kuti, “Pa chitsulo, ababa,” ndiye tanyamuka. Zodumphira pa njinga ikuyenda kale, ngakhale kwa akuluakulu, kwathu n'zoletsedwa. Chikwama chake chimapita m'basiketi kutsogolo, chifukwa chikakhala kumsana chimamukokera chambuyo. Helimeti amavala, yomanga bwino pachibwano.

Mayi a kunyumba ndikawanyamula popita kumsika, nkhani imakhala ya chitenje. Iwo amakonda kukhala cham'mbali monga amayi ambiri, ndipo ine ndimaona kuti kukhala motangadza n'kokhazikika kwambiri, chifukwa wokhala cham'mbali njinga ikagwedezeka amagwa chagada. Tinagwirizana pakati. Ulendo ukakhala wautali amavala thalauza m'kati n'kukhala motangadza. Ukakhala waufupi amakhala cham'mbali, miyendo kumanzere, nsonga ya chitenje ataipinda n'kuikhalira kuti isalendewere pafupi ndi tcheni kapena masipoko. Ndisanapalase amandiuza okha kuti, “Dikirani kaye bambo, ndikonze nsaluyi,” ndipo ndimadikira.

Mwezi watha mnansi wanga anayamba kupititsa mwana wake kusukulu pa njinga, miyendo ili lendelende ngati mmene ndinkachitira ine. Ndinamuitana, mwana wanga n'kumuonetsa chipsera cha pa chidendene. Chigubu chinalipo kale kuseri kwa nyumba, ndipo tinachidula madzulo omwewo.