Dokotala wa matenda a maganizo pa foni: ku Joni amachita bwanji, nanga kwathu zingatheke?

Pa 26 Malichi 2020, mliri wa korona utangovuta, bungwe la HPCSA loyang'anira azachipatala ku South Africa linalola kuti dokotala aziona wodwala pa foni kapena pa vidiyo, bola akhale wodwala amene anaonana naye kale maso ndi maso. Koma madokotala a matenda a maganizo okha linawamasula: ankatha kulandira ngakhale munthu wachilendo. Anthu ambiri amakumbukira zimenezi. Ine zimene ndimazipatsa ulemu n'zakale kuposa pamenepo, malangizo amene akatswiri a ku KwaZulu-Natal anasindikiza mu 2012, onena za dokotala wa ku chipatala chachikulu kuona wodwala amene wakhala m'chipinda cha chipatala chakutali, namwino ali pambali pake.

Namwino ameneyu ndiye mwini nkhani. Dokotala asanafunse n'komwe za tulo ndi njala, namwino wayang'ana kale chiphaso ndi fayilo, ndipo palibe zoti mwina ukuyankhula ndi mchemwali wake wa wodwalayo. Watseka chitseko. Wodwala akanena kuti akufuna kudzipha, munthu wogwira dzanja lake ali pomwepo, ndipo lamulo la ku Joni la matenda a maganizo la 2002 limalola kuti amugoneke maola 72 akumuyeza. Netiweki ikaduka, namwino amangoimba foni wamba n'kupitiriza.

Tsopano chotsani namwinoyo. Tiyerekeze mnyamata wa ku Mchinji amene anatuluka ku chipatala cha Zomba Mental, ndipo mwezi uno a kiliniko ofisa akumuimbira kunyumba kuti asawononge ndalama ya thiransipoti. Foni ndi ya malume ake, nambala inalembetsedwa m'dzina la malumewo. Akuyankha ndani? Funso lakuti “kodi ndinu uje?” silithandiza, aliyense angoti eya. Mufunseni atchule yekha dzina, tsiku lobadwa ndi mankhwala amene analembedwa m'buku lake lakuchipatala. Ngati vidiyo ikutheka, aonetse chiphaso cha unzika.

Chinsinsi ndiye chimavuta kwambiri. Ku Joni lamulo la POPIA loteteza mbiri za anthu linayamba kuluma pa 1 Julayi 2021, Zambia inakhazikitsa lake loteteza mbiri za anthu mu 2021, ife mu 2024, ndipo onsewa amaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Koma lamulo silingathamangitse apongozi amene akhala pakhonde akusenda chimanga, khutu lili tcheru. Kwathu wodwala sayenda yekha, amayenda ndi gadiyani, ndipo ine sindiona cholakwa pamenepo: gadiyani ndi amene amadziwa kuti mnyamatayu wagona maola awiri okha sabata yonse. Chofunika n'kugawa nthawi. Malume ayankhule kaye, kenaka: “Malume, pepani, tapatseniko mpata pang'ono.” Akatsala yekha, funso loyamba likhale loyankhika ndi eya kapena ayi: “Pali wina akumva?” Mukamva mayankho afupika mwadzidzidzi, kapena mawu akumveka patali ngati foni yaikidwa pa sipika, dziwani kuti mwachuluka. Ndipo pa foni yobwereka musasiye uthenga wa WhatsApp wotchula matenda.

Za ngozi zimakonzedwa m'mphindi ziwiri zoyamba, osati zinthu zitathina. Ali kuti lero, mudzi wanji, pafupi ndi chipatala chiti, nambala yachiwiri ndi ya ndani? Munthu wa ku Durban akhoza kuimba 112 pa foni yam'manja. Ku mudzi wa ku Mchinji ambulasi yeniyeni ndi kabaza wa njinga yamoto, ndiye nambala yake ilembedwe pamodzi ndi ya alangizi a zaumoyo. Ndipo mawu oti “lero” ndawaika dala. Mnyamata wathuyu akhoza kukhala atadutsa pa Mwami kukacheza kwa azakhali ku Chipata. Zikatero chipatala chapafupi ndi cha Zambia, ndipo mankhwala olembedwa ndi munthu wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi sangowalandira chilandirelandire, chifukwa kumeneko ziphaso amapereka ndi a Health Professions Council of Zambia.

Nanga foni ikaduka atangonena kumene kuti “moyo wanditopetsa”? Simungadziwe ngati ndi netiweki, batire, kapena wadula yekha. N'chifukwa chake mumagwirizana poyamba: ndikuimbiranso ine, inu musadandaule za mayunitsi, vidiyo ikakana tipita pa foni wamba, ndikayesa katatu osakupezani ndiimba nambala yachiwiri ija. Ngati zokambirana zinali za mankhwala chabe, mukhoza kudikira mawa. Ngati anatchula chingwe kapena mankhwala a mbozi, nambala yachiwiri ija muyiimbe nthawi yomweyo, muuze mwini wake akhale naye ndi kuchotsa botololo m'nyumba.