Inu odula mayina pa mavidiyo a nyimbo, mukutisowetsa mtendere

Masabata atatu ndakhala ndikufunafuna kwaya imodzi. Atatu! Chifukwa cha munthu wina amene anadula kumayambiriro kwa vidiyo, pomwe pamalembedwa dzina la oyimba.

Mayi anga anaionera pafoni ya mnzawo mu minibasi pochokera ku Limbe. Atafika anangoti, "Mwanangu, undipezere nyimbo ija. Amayi avala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, akuvina mopita mbali ndi mbali m'munda wa tiyi, kumbuyo kuli phiri." Munda wa tiyi ndi phiri sizithandiza kanthu kuno, aliyense wa ku Mulanje ndi ku Thyolo amajambulira momwemo. Chovalacho ndiye chinandiuza kuti ndi amayi a Mvano a CCAP. Nditafunsitsa za phirilo anati ndi chimwala chimodzi chosalala, choima ngati khoma. Ndinadziwa kuti ndi Chambe, ndiye kuti anajambulira mbali ya ku Likhubula.

Ndinapita kwa mnyamata woika nyimbo m'mamemole pa Chitakale. Tinatsegula mavidiyo a kwaya mpaka tinaipeza. Dzina lake? VID-20240311-WA0007.mp4. Basi. Kumayambiriro kodulidwa, kumapeto komwe amalemba wojambula ndi nambala ya foni kodulidwanso, koma pakona wina anamatapo dzina la shopu yake. Ndinayesa Shazam, palibe chinatuluka, kwaya za kumudzi sizipezekamo. Ndinalemba mzere wa kolasi pa YouTube, kunabwera kwaya zina zambirimbiri zoyimba mawu omwewo a m'Baibulo.

Amene anandipulumutsa ndi wakabaza. Ndinaimitsa vidiyo pomwe amayiwo akutuluka m'tchalitchi, iye anangoyang'ana khomo ndi mtengo wa mango uli pambali nkunena kuti, "Achimwene, apa ndimatsitsapo anthu Lamulungu lililonse." Tsiku lomwelo ndinawapeza eni ake.

Ndiye ndikufunsa, dzina limakulemerani chiyani? Mumati mukuchepetsa vidiyo kuti bandulo isathe. Masekondi asanu omwewo? Amayi aja anasonkherana ndalama za situdiyo, analipira wojambula, anaima padzuwa tsiku lonse kubwereza sitepe imodzimodzi. Nyimbo yawo yafika mpaka ku Limbe koma palibe akudziwa kuti ndi yawo. Wofuna kuwaitana kuukwati awapeza bwanji? Mwawafufuta. Mwawasandutsa "amayi ovala zoyera aja". Dzina lawo mwachotsa, lanu mwaika, manyazi mulibe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo nanunso ojambula, dzina mumaliika kamodzi kokha, timalemba tating'ono toyera pamwamba pa mitambo yoyera. Ngakhale osadula, ndani angawerenge pakafoni ka mayi anga?