Musanaimbe mlandu soseji

"Soseji, poloni ndi tchizi chokhalitsa ndizo zimadzutsa mutu waching'alang'ala, ingosiyani zonse."

Aaa ayi achimwene, musafulumire choncho. Nzoona mu soseji ndi poloni amathiramo naitraiti kuti nyama isaonongeke, ndipo tchizi chikakhalitsa chimachuluka tairamini, ena zimawapwetekadi koma si tonse.

Ine ndinkaimba mlandu soseji, Loweruka lililonse ndikadya ku Area 47 mawa lake mutu mbali imodzi phuphuphu, kuwala osakufuna. Koma nditayamba kulemba mkakope zomwe ndadya, nthawi yomwe ndagona ndi tsiku lomwe mutu wabwera, ndinaona kuti Loweruka lomwelo ndimagona mochedwa, nkhomaliro ndimadumpha, kamowanso pang'ono, ndiye wolakwa ndani pamenepo?

Ndinasiya soseji yokha masabata 4, zina zonse osasintha, tiyi yemweyo, tulo nthawi yomweyo. Mutu unabwerabe katatu ngati kale. Kenako ndinadya dala tsiku loti ndagona bwino ndipo sindili kumwezi, nkudikira maola 24, zii. Ndinabwereza katatu masiku otalikirana chifukwa kamodzi zitha kungochitika mwangozi, mutu unabwera kamodzi kokha.

Mukasiya zonse nthawi imodzi olo mupeze bwino simudziwa chathandiza nchiti. Komanso nthawi zina mutu usanayambe kupweteka thupi limalakalaka zakudya zina, ndiye umadya tchizi chifukwa matenda ayamba kale, iwe nkumati tchizi ndi chomwe chaputa.